Mawani Atatu a Kamtedza

Ku bekare kumene amagwira ntchito amamutchula kuti Fomu Firii. Tsiku limene ankalembedwa ntchito, kapitawo atamufunsa pamene analekezera sukulu, iye anayankha mokweza kuti "Fomu Firii!" ngati akufunsira ntchito ya ukalaliki. Amayi olongedza buledi anaseka mpaka kugwira m'mimba, dzina nkukanirira. Iye sanakwiye nalo. Pa zinthu zonse zimene anabwera nazo m'tauni, ndi chokhacho chimene ankanyadira.

Sukulu anaisiya chifukwa cha mimba. Mayi ake anamwalira mwanayo asanayambe kukwawa, ndipo mlongo wake yekhayo anapita kukafuna ntchito kutali, nkusiya kuyankha foni. Mwamuna wake amayendetsa chimakina chosalaza misewu, ndipo msewu ukamatalika, iyenso amatalikira. Amabwera mwa apo ndi apo, kugona masiku ochepa, nkubwerera. Motero m'chipinda chimodzi cha kuseri kwa shopu ya owotcherera zitsulo mumakhala anthu awiri: iye ndi mwana wake wamkazi, amene bambo ake anamutcha Kamtedza chifukwa anabadwa wochepa kwambiri.

Fomu Firii ndi munthu wamantha, ndipo amadzidziwa. Amaopa mbaula, amaopa zingwe za magetsi za owotcherera zimene zimadutsa pabwalo, amaopa galimoto, amaopa amuna amene amakhala pa benchi pafupi ndi mpopi. Asanagone amayesa chitseko, kenako nkudzukanso kukachiyesa. Koma chimene ankachiopa kuposa zonsezi ndi alamu ake, achemwali aakulu a mwamuna wake, amene ali ndi golosale m'tauni ina ndipo ana awo onse anakula nkuchoka pakhomo. Kuyambira kale iwo ankamufuna Kamtedza.

"Mwana angalere mwana mnzake?" ankatero, akuseka, koma maso osaseka.

Mwamuna wake anakana kwa nthawi yaitali, koma Kamtedza atasamukira ku sukulu yatsopano ya pafupi ndi chipinda chawo, anadula mlandu pa foni: "Tione teremu ino. Akakhoza, akhala ndi iwe. Akalephera, apita kwa azakhali ake. Sindikufuna kumva zambiri."

Buledi amalongedzedwa kusanache kuti magalimoto anyamuke anthu asanadzuke. Choncho m'mawa uliwonse Fomu Firii ankathira tiyi mu fulasiki, kuyala yunifolomu pampando, kuika pensulo m'chikwama, nkugwedeza mwana paphewa.

"Dzuwa likafika pa chitseko cha owotcherera, uzinyamuka. Wamva?"

"Ndamva, amama," ankayankha Kamtedza maso ali chitsinzinire.

Wotchi munalibe m'chipindamo, ndipo foni inkapita ndi mayi. Panjira Fomu Firii ankatembenuka kuyang'ana zenera lawo mpaka litabisika, kenako nkuyamba kuthamanga.

Tsiku lotsekera sukulu anapeza mwana atakhala pakhomo, lipoti lili pamiyendo. Linali pepala lolimba lopindidwa pakati. Ku sukulu yakale kunalibe zimenezi. Aphunzitsi ankangoitana mayina pabwalo, wokhoza nkuwomberedwa m'manja. Fomu Firii anapukuta manja pa chitenje, nkutsegula.

Masamu, wani. Kuwerenga ndi kulemba, wani. Chingerezi, wani. Zachilengedwe, thuu. Zaumoyo, firii. Kujambula ndi kuimba, folo.

Anawerenganso ndi chala. Ku sekondale kwawo magiredi ankayambira pa wani kukafika pa naini. Wani ndi thuu anali a ana amene aphunzitsi ankawatchula pa asembule. Kuyambira firii mpaka sikisi unali wokhoza bwino. Seveni ndi eyiti unangopulumuka. Naini unagwa chagada. Iye pa zaka zake zonse wani anamuonapo kamodzi kokha, pa pepala la mnzake.

Anafuula mpaka mnyamata wowotcherera anazimitsa makina nkusuzumira. Anamunyamula Kamtedza, chimwana cha sitandade thuu, nkuzungulira naye m'chipinda ngati khanda.

"Mawani atatu! Masamu wani! Mwana wanga ine!"

M'munsi munali ndemanga ya aphunzitsi, m'Chingerezi, zilembo zolumikizana zothamanga. Anatolapo mawu amene anawazindikira msanga: mwana wachete, waulemu. Enawo anati awerenga bwino mawa. Kuseri kwa pepala kunali timalemba ting'onoting'ono tosaoneka bwino, ndipo ataona mawu onena za yunifolomu ndi tsitsi, anadziwa kuti ndi malamulo a sukulu, nkusiya.

"Koma folo uyu," anatero akumugwira mwana tsaya, "kujambula kokhaku? Iwe amene umandithera makala kujambula pakhoma? Teremu ya mawa umutsitse ameneyu."

Kamtedza anayang'ana pansi, nkugwedeza mutu.

Madzulo omwewo anajambula lipotilo ndi foni, nkutumiza kwa mwamuna wake pamodzi ndi mawu: "Bambo a Kamtedza, mwana wanu wakhoza koopsa. Maphunziro ovuta onse mawani. Aphunzitsi akuti ndi waulemu. Muwauze alamu asavutike."

Mwamunayo anayankha ndi mawu oseka, kumbuyo kukumveka phokoso la anzake: "Mutu umenewo ndi wa kwathu!"

Tsiku lotsatira anapita nalo lipoti ku ntchito, atalikulunga mu pulasitiki ya buledi. Pa nthawi yopuma, akazi atakhala pa makreti onyamulira buledi kuseri kwa uvuni, analitulutsa ngati mwangozi. Kawirikawiri iye amakhala payekha kumapeto, kumvetsera nkhani za anzake, chifukwa onse ndi aakulu kwa iye ndipo amadziwana kuyambira kale. Tsiku limenelo anasendera pakati.

Amayi a Mapasa, amene aphunzitsa ana asanu, analandira pepalalo, nkulitalikitsa ndi maso.

"Wauza ndani?" anafunsa.

"Bambo ake."

"Mayo ine." Analitembenuza, nkuika chikhadabo pansi pa malamulo a tsitsi. "Fomu Firii, werenga apa. Iwe ndiye wa sukulu."

Panali kabokosi ka mizere inayi. Folo: malikisi kuyambira 80 mpaka 100, wakhoza kwambiri. Firii: 60 mpaka 79, wakhoza bwino. Thuu: 40 mpaka 59, pakatikati. Wani: 39 kutsika m'munsi, akufunika thandizo.

"Ku pulayimale makwerero ake amayenda chokwera," anatero Amayi a Mapasa. "Folo ndiye denga. Wani ndi pansi, pa dothi penipeni."

Wina anaphulika kuseka, nkudzitseka pakamwa. Wina anati, "Za ku sekondale zakupweteketsa, mwana iwe. Ife a sitandade faifi sitisochera." Amayi a Mapasa anamuponyera chidutswa cha buledi kuti akhale chete, koma Fomu Firii sankamvanso. Ankaona nkhope ya Kamtedza itayang'ana pansi. Mwanayo ankadziwa. Analola kuzunguliridwa m'chipinda, analola kudzudzulidwa pa phunziro lokhalo limene anapambana, osatsegula pakamwa.

Lolemba ataweruka anapita ku sukulu. Ana kunalibe. Mabenchi anali ataunjikidwa pakona, ndipo aphunzitsi a sitandade thuu, mayi wamtali wa magalasi omangidwa ndi ulusi, ankamatula zithunzi pakhoma. Fomu Firii anaima pakhomo nthawi yaitali asanaodire.

"Ndine mayi a mwana uja wachete," anatero, nkutchula dzina la m'kaundula.

"Ndinayesa ndinu mkulu wake. Lowani, khalani. Ndinakuitanani pakati pa teremu, simunabwere."

"Sindinamve, madamu."

"Ndinamutuma mwana." Aphunzitsi anapumira m'mwamba. "Ndiye kuti uthenga unathera panjira. Mwabwera ndi lipoti?"

Analiyala pa tebulo. Fomu Firii anaulula kuti kabokosi ka kuseri wakaona mochedwa, ndipo anapempha kuti amuuze zonse m'mawu oti akathe kuwafotokozera bambo a mwana, amene ali kutali ndipo sapirira nkhani yaitali.

"Chabwino. Choyamba, manambalawa si malo amene mwana wakhala m'kalasi. Wani sakutanthauza kuti waposa anzake, folo sakutanthauza kuti ndi wachinayi. M'makalasi aang'ono sitilemba malo. Timaphatikiza ntchito za m'kati mwa teremu ndi mayeso omaliza, malikisi ake nkuwaika m'gulu. Ndiye wani ndi thumba lalikulu. Wopeza 5 ndi wopeza 38 onse ali momwemo." Anatsegula buku lawo la malikisi. "Wanuyu masamu anapeza 36, kuwerenga 34. Ali pakhomo pa thuu. Chingerezi ndiye chili kutali, 21."

"Ndiye kuti si mbuli?"

"Ndani wanena za umbuli? Tamverani ndemanga yanga." Anawerenga pang'onopang'ono, akumasulira. "Mwana wachete ndi waulemu. Amagwira msanga zimene waphunzitsidwa ali m'kalasi. Amafika mochedwa masiku ambiri, motero amaphonya maphunziro a m'mawa. Safunsa akapanda kumvetsa. Kholo lionane ndi mphunzitsi."

Anatenga ndandanda ya maphunziro imene anali atangoimatula, nkuiika pambali pa lipoti.

"Onani nokha. Masamu, kuwerenga, Chingerezi, timaphunzitsa m'mawa mitu ikadali yozizira. Zachilengedwe zimabwera chapakati. Zaumoyo ndi kujambula, kumapeto. Magiredi ake akukwera motsatira dzuwa. Akalowa, ife tafika kale pakati, iye nkukakhala kumbuyo mwakachetechete ngati walowa m'tchalitchi cha eni. Kunyumba amanyamuka nthawi yanji?"

Fomu Firii anafotokoza za chitseko cha owotcherera. Akulankhula, anayamba kudzimvera yekha. Chizindikirocho anachisankha teremu ikuyamba. Miyezi ikamapita dzuwa limasuntha potulukira, ndipo tsopano limayamba latsekedwa ndi nyumba yosanja ya kutsidya kwa msewu. Tsiku la mitambo dzuwalo silifika nkomwe. Iye sakanaona zimenezi, chifukwa nthawi imeneyo amakhala ali pakati pa makreti. Mwana ankakhala pakhomo atavala yunifolomu, chikwama kumsana, kudikira dzuwa monga anauzidwira.

Aphunzitsi sanaseke. Anavula magalasi nkuwapukuta.

"Bambo akewo mukawauze zitatu. Mwana amamva. Mawani atatuwo ndi otsika, ndipo abwera chifukwa chochedwa. Akamafika nthawi yabwino, wina nkumamuwerengetsa pang'ono madzulo, masamu ndi kuwerenga zikhoza kufika pa thuu teremu ikubwerayi. Chingerezi chitenga nthawi, musawalonjeze. Koma mayi, ndinene zoona: mwana wa msinkhu uwu sadzidzutsa yekha. Ngakhale mumugulire belu la tchalitchi, pafunika munthu."

Munthuyo ndi amene Fomu Firii analibe. Anayesa. Anapita kwa kapitawo kukapempha shifiti ya masana, koma iye anayankha osadzutsa mutu kuti ya masana ndi ya amene anakalambira pa uvuni, ndipo kunja kwa geti kuli atsikana ambiri ofuna ya m'mawayo. Anaganiza za mkazi wa chipinda choyandikana nacho, koma ameneyo amagona mpaka dzuwa lili pamutu ndipo alendo ake amasinthasintha. Anaganiza za owotcherera, nkudzidzudzula yekha chifukwa choganiza zimenezo. Anaganiza zosiya ntchito, koma zimene mwamuna wake amatumiza zimabwera ngati mvula ya chilimwe.

Anaganizanso zongokhala chete. Chithunzi chinali cha kutsogolo kokha. Bambo a Kamtedza sakanadziwa mpaka chaka chitatha. Anayenda nalo ganizo limeneli kuchokera ku bekare mpaka pa mpopi, ndipo linali lokoma. Koma teremu ya mawa mwana akanakhalanso pakhomo paja yekha, ndipo akanabweranso ndi pepala limene sangathe kuwauza mayi ake tanthauzo lake.

Asanasankhe chochita, foni inalira.

"Iwe, ukundichititsa manyazi bwanji?" Mwamuna wake sanapereke ndi moni. "Chithunzi chija ndinawatumizira achemwali kuti aone. Andiseka! Akuti wani ndi kulephera. Umandinamiza, kapena sudziwa kuwerenga?"

"Sindinaname. Ndinawerenga ngati za ku sekondale. Ndapita kwa aphunzitsi, ndimvereni pang'ono."

Anatuluka panja kuti mwana asamve, nkuima pafupi ndi mulu wa zitsulo. Ananena zitatu zija mwa ndondomeko: kuti folo ndiye wapamwamba ndipo Kamtedza ali naye mmodzi, kuti mawaniwo ndi a maphunziro a m'mawa ndipo awiri atsala pang'ono kufika pa thuu, kuti mwana amamva, koma amachedwa.

"Amachedwa chifukwa chiyani?"

"Chifukwa ine ndimakhala nditapita."

Kutali kunkamveka injini.

"Ndiye ukuti titani?" anafunsa, mawu atatsika. "Uli ndi munthu woti azimuperekeza?"

Fomu Firii anayang'ana zitseko zonse za pabwalopo, chimodzichimodzi.

"Ndilibe."

"Basi. Achemwali abwera Loweruka. Usalire, si kumanda kumeneko."

Madzulo amenewo anamukhazika Kamtedza pamiyendo nkumufunsa chifukwa chake sananene kuti wani ndi wotsika, ndiponso kuti aphunzitsi ankaitana.

"Munasangalala," anatero mwanayo. Patapita kanthawi anawonjezera, "Ndipo mukapita ku sukulu, kapitawo akuchotsani ntchito. Munanena nokha."

Mayi anamuuza kuti folo uja ndi wamkulu kuposa onse, kuti m'kalasi monse ochepa okha ndi amene amamupeza, ndipo kuti iye analakwitsa kumudzudzula. Kamtedza anafunsa ngati kwa azakhali kuli makala. Mayi anati aliko ambiri.

Alamu anafika Loweruka m'mawa, chikwama chachikulu m'khwapa, akupukuta thukuta ndi kansalu. Anayang'ana chipinda chonse, denga mpaka pansi, nkukhala pampando umodzi wokhawo.

"Alamu anga ophunzira! Ndamva kuti kuno mawani mukuwavinira."

"Ndinalakwitsa, alamu."

"Tapatseni ndione ndi maso anga." Anayendetsa chala pa lipotilo. "Kuimba folo. Eee, ukaipa dziwa nyimbo. Bwera kuno iwe Kamtedza, taona kuwonda, ngati amakudyetsa fungo la buledi lokha."

Fomu Firii anagwada pafupi ndi mpando, nkutembenuza pepalalo, nkuyamba kufotokoza monga anachitira aphunzitsi. Alamu anati zimenezo akuzidziwa, anaphunzitsapo ana. Iye anapitiriza ndithu. Anawauza za 36 ndi 34, kuti si wani wa pansi penipeni. Anawauza kuti mwanayu akapanda kumvetsa safunsa, amangogwedeza mutu, ndiye osakhulupirira mutu wakewo. Azimuuza abwereze ndi pakamwa pake. Kuti akamukalipira amauma ngati mwala. Kuti aphunzitsi atsopano awapemphe amukhazike kutsogolo. Kuti uthenga wa ku sukulu asamadalire mwana, azipita okha. Kuti Chingerezi chitenga nthawi, asamumenye nacho.

Alamu anasiya kudzipukuta ndi kansalu kaja. Anamuyang'anitsitsa.

"Zonsezi anakuuzani aphunzitsi?"

"Zina. Zina ndimaona ndekha."

"Hmm." Anapinda lipoti nkuliika m'chikwama chawo. "Golosale ndimatsegula mochedwa, ndizimuperekeza ndekha mpaka pa geti. Holide azibwera. Ine sindikuba mwana wa munthu, alamu, musandiyang'ane ngati fisi."

Ku depoti kunali phokoso ndi utsi. Kamtedza anakhala pa zenera la basi pambali pa azakhali ake, chikwama cha sukulu pamiyendo ngakhale sukulu inali yotseka. Sanalire, ndipo mayi ake anaona kuti akudziletsa chifukwa cha iwo. Fomu Firii anaima pansi pa zeneralo atagwira chitsulo cha basi, akufufuza m'mutu ngati pali chimene waiwala kunena. Kondakitala anamenya m'mbali mwa basi, injini nkulira.

"Alamu!" anakuwa. "Sukulu ya kumeneko amalemba bwanji? Manambala omwewa?"

Alamu anaweramira ku zenera kudutsa pamutu pa mwana. "Kumene ndikukamuikako amalemba zilembo! A ndiye wapamwamba!"

"Nanga wotsika?"

Alamu anayankha, koma basi inali itayamba kuyenda ndipo wogulitsa madzi ankakuwa pafupi ndi khutu lake. Anathamanga nayo pang'ono mpaka pa geti, pamene mlonda anatambasula dzanja kumuletsa. Anaona kadzanja pagalasi, kenako kumbuyo kwa basi, kenako basi ina inalowa pakati.

Anabwerera nkukhala pa benchi ya odikira. Kunyumba kunalibe chomuthamangitsira. Basi zinadzaza nkunyamuka, zina nkufika, makondakitala akumufunsa kumene akupita, iye nkumapukusa mutu. Anakhala pomwepo mpaka mayi wina wosesa anafika ndi tsache lake, nkumuuza kuti, "Achemwali, takwezani miyendo." Anakweza, mayiyo anasesa pansi pake, nkupitirira ku benchi ina.